Bwana akana mauthenga a pa WhatsApp, akufuna lipoti la tsamba limodzi sabata iliyonse

Kapitawo_Linthipe

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikuyang'anira ntchito yomanga buloko ya makalasi awiri pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Dedza. Masiku onsewa a manejala ndimawatumizira uthenga pa WhatsApp madzulo aliwonse. Pano akuti zimenezo zikuwasokoneza, akufuna lipoti la sabata, tsamba limodzi basi. Loyamba ndalemba masamba atatu, alibweza, akuti iyi ndi dayale osati lipoti. Lolemba m'mawa akufuna lokonza. Mauthenga a sabata ino, 6 mpaka 10 Okutobala, anali awa:

Lolemba: "Bwana zili bho kuno, anyamata akukwera ndi khoma. Simenti yatsala pang'ono koma tiona."

Lachiwiri: "Lero sitinagwire bwino, mjigo wafa. Madzi timakatunga kudambo pa ngolo, a komiti athandiza."

Lachitatu: "Simenti ija yabwera matumba 40 osati 60, a shopu akuti ena abwera. Mafelemu awiri a mawindo ndi opindika, ndawabweza."

Lachinayi: "Khoma latsala pang'ono kufika pa ring'ibimu. Amisiri akufunsa za ndalama zawo zija."

Lachisanu: "Mjigo wakonzedwa. Tili pa 80 peresenti. Afumu anabwera kudzaona, asangalala kwambiri."

Ndichotse chiyani, ndisiye chiyani?

Zamveka22

Masamba atatu kuchokera pa timauthenga tisanu? Munalembamo chiyani achimwene, mayina a ng'ombe zokoka ngoloyo?

Kapitawo_Linthipe

Ndinangofotokoza tsiku ndi tsiku mwatsatanetsatane, ndi zithunzi.

MayiMaleja

Vuto lagona pomwepo, pa tsiku ndi tsiku. Mauthenga anu anasanjika motsatira masiku chifukwa ndi momwe zinthu zimakugwerani. Koma a manejala akatsegula lipoti safuna kudziwa kuti Lachiwiri kunagwanji. Akufuna kudziwa ngati malata akhomedwa tsiku lomwe munagwirizana, ndipo ngati sizitheka, chikutchinga n'chiyani komanso iwo achitepo chiyani. Ndiye musayambe ndi kufupikitsa ziganizo. Yambani ndi kuphwasula mauthengawo.

Tengani pepala, lembani nkhani iliyonse pamzere wakewake osalabadira tsiku. Mwa mauthenga asanuwa mukutuluka nkhani zisanu ndi imodzi: khoma, simenti, mjigo, mafelemu, ndalama za amisiri, ndi kubwera kwa afumu. Muona kuti simenti inatchulidwa Lolemba ndi Lachitatu koma ndi nkhani imodzi. Mjigo nawo unafa Lachiwiri n'kudzuka Lachisanu, nkhani imodzi, yothanso. Mu lipoti nkhani iliyonse imalowa kamodzi, mmene ilili Lachisanu madzulo, osati mmene inayendera.

Mukatero, nkhani iliyonse muifunse mafunso atatu. Zingati? Tsiku liti? Zili m'manja mwa ndani? Pomwe mwalephera kuyankha, dziwani kuti pamenepo simunafike polemba, pitani kaye mukawerenge kapena mukaimbe foni. "Yatsala pang'ono", "ena abwera" ndi "ndalama zija" onsewa ndi mawu olephera mafunso atatuwa.

Tiyambe ndi 80 peresenti ija. Ndi 80 ya chiyani?

Kapitawo_Linthipe

Ya khoma, mayi. Kufika pa ring'ibimu pakufunika mabuloko 1,400. Tayala 1,120.

MayiMaleja

Ndiye mwaona. Munthu wokhala ku ofesi ku Lilongwe akawerenga "tili pa 80 peresenti" amva kuti nyumba yonse yatsala pang'ono kutha, mwina akauzanso akuluakulu ake choncho. Chikhalirecho palibe ring'ibimu, palibe gebulo, palibe denga, pulasitala sanayambe. Lembani kuti mabuloko 1,120 mwa 1,400 ayalidwa, atsala 280. Peresenti mukaifuna muiike pambuyo pa manambalawo, isamayende yokha. Tipatseninso zomwe pulani inanena komanso mabuloko omwe mwayala tsiku lililonse sabata ino.

Kapitawo_Linthipe

Pulani inali yoti khoma lifike pa ring'ibimu lero pa 10, konkire ya ring'ibimu tithire pa 16, malata tithe kukhoma pa 7 Novembala. Timayenera kuyala 100 patsiku. Sabata ino Lolemba 90, Lachiwiri 20, Lachitatu 70, Lachinayi 80, Lachisanu 80.

Fodya_wa_Bale

Ndiye nkhani yanu ndi ya mjigo basi. Lembani pamwamba penipeni kuti ntchito yachedwa chifukwa madzi anavuta, si vuto lanu. Bwana aliyense amamvetsa zimenezo. Lipoti ndi chishango chanu achimwene, mawa zikadzavuta mudzaloza pomwepo.

Injiniya_Wopuma

A Fodya, masamu akukana. Sabata ino ayala 340 m'malo mwa 500, kuperewera 160. Koma otsala kuti khoma lithe ndi 280. Ndiye kuti 120 anatsalira kale sabata isanayambe, mjigo usanafe. Komanso mwa 160 a sabata inoyo, a Lachiwiri ndi 80 okha. Masiku ena anayi, madzi alipo ndithu, palibe tsiku lomwe afika pa 100. Mjigo wadya mabuloko 80 mwa 280. Mukaulemba ngati chifukwa chachikulu, a manejala aganiza kuti poti wakonzedwa ndiye kuti vuto latha, sabata ya mawa mudzasowa chonena.

A Kapitawo, amisiri oyala mabuloko alipo angati pamalopo, ndipo pulani inawerengera angati?

Kapitawo_Linthipe

Pulani inawerengera asanu ndi mmodzi. Akubwera anayi. Awiri anasiya kubwera kumayambiriro kwa mwezi uno, akuti adzabwera akalandira ndalama ya gawo la maziko ndi silabu. Ndi K1,200,000, pepala lopempha ndinapereka ku ofesi pa 26 Seputembala, silinasainidwe. Mkulu wa amisiri wanena kuti zikapanda kutheka pofika pa 17 nawonso otsalawo aima.

Injiniya_Wopuma

Eya, lipoti lanu ndi limeneli. Nkhani yaikulu kuposa zonse munaibisa kumapeto kwa uthenga wa Lachinayi, m'mawu asanu ndi limodzi, ngati mukuchita nayo manyazi. Zimachitika kawirikawiri ndi mauthenga a pafoni: chomwe chinakutopetsani tsiku limenelo, monga kuthamangitsana ndi ngolo ya madzi, chimatenga malo ambiri, pomwe chomwe chingaimitse ntchito yonse chimangotchulidwa modutsa chifukwa chikukhudza bwana yemweyo. Polemba lipoti mumatembenuza. Chopita pamwamba ndi chimene chingasunthe tsiku lomaliza, makamaka ngati yankho lake lili patebulo la amene akuwerengayo.

Tsopano tsiku latsopano. Atsala 280, liwiro lenileni ndi pafupifupi 80 patsiku, ndiye masiku atatu ndi theka, tingoti anayi. Musagawe ndi 100 ya pa pulani, gawani ndi zomwe amisiri anayi akukwanitsa. Musaiwalenso kuti Lachitatu pa 15 Okutobala ndi holide ya Tsiku la Anakubala. Masiku anu ndi 13, 14, 16 ndi 17. Khoma litha pa 17, sabata yathunthu pambuyo pa pulani. Kumanga zitsulo ndi kukhoma shatala, matabwa othiramo konkire aja, pa 20 ndi 21, konkire pa 22. Malata asunthira pa 14 Novembala, ndipo mukudziwa nokha kuti Novembala kuno mvula imatha kugwa tsiku lililonse.

Chikondi_IT

Kwa amene amalemba pa Excel, tsikulo lingamadzitulukire lokha sabata iliyonse. B2 muike deti ya Lachisanu la lipoti, B3 mabuloko otsala, B4 liwiro la patsiku, B5 deti ya holide:

```
=WORKDAY(B2,ROUNDUP(B3/B4,0),B5)
```

Ndi 10 Okutobala, 280, 80 ndi 15 Okutobala ikupatsani 17 Okutobala. Selo ikaonetsa nambala yaitali m'malo mwa deti, isintheni ikhale Date. Ngati mumagwira ndi Loweruka lomwe gwiritsani WORKDAY.INTL, ndipo pambuyo pa chiwerengero cha masiku muikepo 11, kutanthauza kuti lopuma ndi Lamulungu lokha.

Potolera mauthengawo musamachite kukwera ndi chala sabata yonse. Tsegulani macheza anu ndi bwanayo, dinani timadontho titatu, More, Export chat, kenako Without media. Mupeza zonse m'fayilo imodzi ndi madeti ake.

Zamveka22

Masiku anayi kuwerengera pa kompyuta? Zala zilipo khumi.

Chikondi_IT

Sabata ino inde. Dikirani akhale ndi masukulu asanu.

NaPhiri_wa_Mabungwe

Ine ndikuona kuti mukumuphunzitsa zoperewera. Lipoti labwino limayamba ndi mbiri ya pulojekiti, zolinga zake, anthu opindula amuna angati akazi angati, kenako zomwe zachitika, zovuta, zomwe taphunzirapo. Ndipo kubwera kwa afumu musakutaye, kumaonetsa kuti anthu a m'dera ntchitoyi aitenga ngati yawo. Opereka ndalama amafuna kwambiri zimenezo.

MayiMaleja

Achemwali, limenelo ndi lipoti la miyezi itatu lopita kwa opereka ndalama, ndipo kumeneko mukulondola. Ili ndi la sabata, lopita kwa munthu amene pulojekiti anailemba yekha. Mukamukumbutsa zolinga Lachisanu lililonse, ndime yoyamba azingoidumpha, ndipo tsiku lomwe mudzaikemo chinthu chofunika adzaidumphanso. Za afumu ndi za a komiti omwe anathandiza madzi azisunge m'kope ndi madeti ake ndi zithunzi, zidzagwira ntchito m'lipoti lalikulu lija.

NaPhiri_wa_Mabungwe

Komabe mzere umodzi wa a komiti suwononga tsamba. Anthu anakoka madzi kudambo mwaulere, dzina lawo lisamveke n'komwe ku ofesi? Mawa mukadzafuna kuwagulira ngakhale sopo, a manejala adzati zinachitika liti.

MayiMaleja

Pamenepo ndavomera. Alowe m'chiganizo cha mjigo chomwecho. Afumu okha ayi, pokhapokha akanalonjeza kanthu, mwachitsanzo mchenga kapena anthu otuta kwale, chifukwa pamenepo pali choti wina adzalondoloze.

Fodya_wa_Bale

Nanga simenti? Matumba 20 sanabwere. Ineyo ndikanaika chimenecho pa nambala wani, simenti ikasowa palibe chimayenda. Mitengonso ikungokwera chigwereni kwacha mu Novembala 2023 muja, wa shopuyo mwina akufuna adzawonjezere.

Injiniya_Wopuma

Tiwerenge tisanaope. A Kapitawo, Lolemba munali ndi matumba angati, ndipo thumba limodzi likuyala mabuloko angati kwanuko?

Kapitawo_Linthipe

Analipo 6. Thumba limodzi likutiyalira mabuloko pafupifupi 35. Ndakawerenga mu sitolo, alipo 36. Makoma onse pamodzi ndi logawa pakati ndi mamita 60, ring'ibimu yake ndi ya masentimita 20 mbali zonse.

Injiniya_Wopuma

Zikugwirizana: 6 kuphatikiza 40, kuchotsa 10 omwe ayala mabuloko 340, atsala 36. Mwachita bwino kukawerenga ndi maso, chifukwa nambala ya m'buku ndi ya mu sitolo zikasiyana, imeneyonso ndi nkhani ya mu lipoti. Mabuloko 280 otsalawo adya matumba 8. Ring'ibimu ya mamita 60 pa muyeso umenewo ndi konkire ya makiyubiki mita 2.4, ndipo mukasakaniza simenti imodzi, mchenga ziwiri, kwale zinayi, mulowa matumba pafupifupi 16. Mukathira pa 22 mutsala ndi 12. Ndiye matumba 20 aja sakutchinga kanthu sabata ikubwerayi. Adzafunika mukamayamba mizere ya pamwamba ndi magebulo, tinene kuti afike pofika pa 24.

Choncho simenti ilowa mu lipoti ngati chinthu chochiyang'anira, osati chomwe chagwa kale. Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika. Mukalemba zonse mofuula mofanana, a manejala athamangira kuimbira wa shopu, chifukwa n'chosavuta, pepala la amisiri lija likhalabe pansi pa mafayilo.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kuposa simenti ndi mafelemu. Felemu yachitsulo ili ndi timakutu tomwe timalowa m'mizere ya khoma pomanga. Ngati awiri aja sabwera msanga, pamalo awiriwo simungamalize, kapena mudzachita kuswa mabuloko kuti muwalowetse. Tsiku la 17 lija latsamira pa mafelemu amenewa. Muimbireni wowotchererayo lero lino akupatseni tsiku.

Kapitawo_Linthipe

Ndamuimbira. Akuti Lachiwiri pa 14 abweretsa yekha.

Mnyamata_wa_Njerwa

Koma zonsezi n'chifukwa cha mabuloko anuwa. Njerwa zootcha a m'mudzi akanaumba okha, matope a dothi, simenti ya pulasitala yokha. Bwenzi pano ana akuphunziramo.

Injiniya_Wopuma

Kuyambira 2018 malamulo a boma a zomangamanga salola njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba ngati za sukulu, chifukwa cha mitengo. Si zoti a Kapitawo angasankhe.

Mnyamata_wa_Njerwa

Malamulowo alipo, koma tayendani m'midzimu muone mauvuni.

Zamveka22

Munthu afuna lipoti Lolemba inu muli pa mauvuni. Mayi Maleja, tangomulemberani aone.

MayiMaleja

Chabwino. Kaya ku ofesi kwanu mumalemba m'Chingerezi, kasanjidwe kake n'komweku.

Mutu: Buloko ya makalasi awiri, lipoti la sabata yothera pa 10 Okutobala

Mwachidule: Ntchito yachedwa ndi sabata imodzi. Malata atha kukhomedwa pa 14 Novembala m'malo mwa pa 7 Novembala. Tsikuli litheka ngati amisiri alipidwa pofika pa 17 Okutobala.

Chofunika kwa inu: Kusainira malipiro a amisiri a gawo la maziko ndi silabu, K1,200,000. Pempho linaperekedwa pa 26 Seputembala. Amisiri awiri mwa asanu ndi mmodzi anasiya kubwera, ndipo otsalawo akuti aima pa 17 akapanda kulandira.

Zomwe zachitika: Mabuloko 340 ayalidwa sabata ino m'malo mwa 500. Onse pamodzi ndi 1,120 mwa 1,400 ofika pa ring'ibimu, atsala 280. Mjigo unawonongeka pa 7, wakonzedwa pa 10. Komiti ya sukulu inathandiza kutunga madzi, ndipo tinataya pafupifupi tsiku limodzi la ntchito.

Zoyang'anira: Simenti yabwera matumba 40 mwa 60. Mu sitolo muli 36, okwanira mpaka ring'ibimu. Otsala 20 akufunika pofika pa 24 Okutobala, ndikulondoloza ndine. Mafelemu awiri a mawindo anabwezedwa chifukwa chopindika, wowotcherera abweretsa pa 14. Akachedwa, khoma silitha pa 17.

Sabata ikubwerayi: Kumaliza khoma pa 17 (pa 15 ndi holide). Kudula ndi kupinda zitsulo za ring'ibimu, kuti konkire ithiridwe pa 22.

Basi. Silikukwana ndi theka la tsamba lomwe. Onani kuti munthu atawerenga ndime ziwiri zoyambazo n'kuitanidwa ku msonkhano, watenga kale zonse zomwe zikumukhudza. Zithunzi ikani ziwiri pansi, chimodzi cha mbali yomwe yafika pamwamba, china cha mbali yotsalira, chilichonse ndi deti yake. Musasankhe mbali yokongola yokha.

Fodya_wa_Bale

Lili bwino koma ndime yachiwiriyo ndi yoopsa. Ukumuuza bwana kuti ntchito yachedwa chifukwa cha iyeyo, polemba, mwinanso lipotilo akalitumiza kwa akulu ake. Kontirakiti za ma kapitawo ndi za chaka chimodzi paja.

MayiMaleja

Werenganinso, palibe pomwe akunena kuti mwachedwetsa ndinu. Akunena ndalama zake, tsiku lomwe pempho linapita, ndi chomwe chichitike pa 17. Mwina pepalalo silili n'komwe kwa iwo, lagona kwa a zachuma, ndipo mzere umenewu ndi womwe uwapatse mphamvu yokalitulutsira. Koma a Fodya mwakhudza chinthu choona: nkhani ngati iyi bwana asakaione koyamba mu lipoti. A Kapitawo awaimbire kaye, anene kuti bwana, m'lipoti ndaikamo za amisiri zija. Ulemu umapita pa foni, manambala amapita papepala. Ndipo nkhani yoti singadikire Lachisanu isamadikire lipoti. WhatsApp sanaithetse, angoiletsa kukhala malo osungira mbiri ya ntchito.

Kapitawo_Linthipe

Zikomo kwambiri. Funso lina: fomu yawo ili ndi kabokosi kosankha mtundu, wobiriwira, wachikasu kapena wofiira. Ndiike uti?

Chikondi_IT

Wachikasu. Mwachedwa koma njira yobwezera ilipo. Wofiira ndi pamene zalephereka.

Injiniya_Wopuma

Ine ndingaike wofiira. Kusiyana kwake sikuli pa kuchuluka kwa masiku, kuli pa amene angakonze vutolo. Wachikasu umatanthauza kuti tachedwa koma tikonza tokha kuno. Wofiira umatanthauza kuti popanda wina wa pamwamba kuchitapo kanthu, tsiku silitheka. A Kapitawo sangadzilipire okha amisiri. Komanso palibe pomwe lipotili likunena kuti sabata yotayikayo ibwezedwa, likungonena kuti isawonjezekere.

Chikondi_IT

Akaika wofiira pa lipoti loyamba lenileni, sabata yachitatu amisiri akadzaimadi adzaika mtundu wanji? Palibe wofiira kwambiri.

MayiMaleja

Nonse muli ndi mfundo, ndipo sitingagamule ife pano, chifukwa maofesi amasiyana. Kwina anachita kulemba kuti kuchedwa kosapitirira sabata ziwiri ndi wachikasu. A Kapitawo, pa foni yomweyo afunseni kuti mitunduyo amaitanthauzira bwanji, zomwe anenezo muzilembe pansi pa fomu ndipo muzitsata zomwezo sabata zonse. Choipa kwambiri ndi mtundu wosintha ndi mmene mwadzukira, kapena wobiriwira womwe umakhalapo miyezi iwiri kenako n'kulumphira pa wofiira tsiku limodzi.

Sitolo_Kalaliki

Ndifunse nawo, zanga ndi zosiyana pang'ono. Ine ndimalandira mauthenga kwa oyang'anira atatu, madera atatu, ambiri ndi a mawu, ena a mphindi zisanu. Lipoti ndimaphatikiza ndine. Wina amanena "zatheka" pomwe katundu wangofika, wina "zatheka" pomwe wamangidwa. Ndizitani?

MayiMaleja

Musamamasulire nokha. Uthenga wa mawu mukaumvera lembani nkhani zake pomwepo, kenako mumubwezere mwini wake mzere umodzi wolemba, mwachitsanzo "ndamva kuti zitseko 4 zafika koma sizinaikidwe, n'zoona?" Akayankha kuti inde, chimenecho ndiye cholowa mu lipoti. Akapanda kuyankha pofika nthawi yotumiza, lembani kuti sizinatsimikizidwe ndi dzina la dera lake. Muchite izi Lachinayi madzulo, osati Lachisanu m'mawa.

Ndipo gwirizanani mawu. Kufika, kuikidwa, ndi kuyenderedwa ndi woona za ntchito ndi zinthu zitatu zosiyana, chilichonse chikhale ndi liwu lake. "Zatheka" muzisungira chomalizacho. Pamwamba pa lipoti lanu musayambe ndi dera loyamba pa mndandanda, yambani ndi lomwe lili pamavuto.

Injiniya_Wopuma

Ndiwonjezere chimodzi kwa a Kapitawo, cha sabata ya mawa. Lipoti lachiwiri musadzaliyambire pa mauthenga, mudzaliyambire pa ndime yomaliza ya lipoti ili. Munalonjeza khoma pa 17 ndi zitsulo zopindidwa, ndiye mzere woyamba wa zomwe zachitika udzayankhe malonjezo amenewo, zatheka kapena ayi. Ambiri amalemba lipoti lililonse ngati loyamba, lonjezo lolephereka limangosowa mwakachetechete. Komanso 7 Novembala isafufutidwe. Sabata iliyonse muzionetsa masiku onse awiri, la pa pulani ndi lomwe mukuyembekezera tsopano. Mukamangosintha tsiku n'kuchotsa lakale, lipoti lililonse lidzaoneka ngati muli pa nthawi, mpaka Disembala.

Kapitawo_Linthipe

Ndawaimbira. Akuti pepala la amisiri lili kwa a zachuma, likudikira chikalata chosonyeza kuti silabu inayenderedwa ndi kuvomerezedwa. Chikalatacho chili ndi ine kuno, palibe anandiuza kuti chimafunika kumeneko. Ndichijambula n'kutumiza Lolemba m'mawa. Za mtundu akuti ndiike wachikasu, koma pa 17 zikadzakhala zisanasinthe ndidzaike wofiira. Ndiye ndime ya "Chofunika kwa inu" ndiisinthe bwanji?

MayiMaleja

Ikhale mizere iwiri, aliyense ndi ntchito yake ndi tsiku lake. Inu: kutumiza chikalata cha silabu pa 13 isanakwane 9 koloko. Iwo: kuonetsetsa kuti malipiro atuluka pofika pa 16, osati pa 17, chifukwa pa 15 mabanki atseka ndipo ndalama yochoka banki ina kupita ina siifika nthawi zonse tsiku lomwelo.

Fodya_wa_Bale

Ndipo afunseni a zachumawo ngati akufuna chikalata chenichenicho kapena chojambula chikwanira. Ena sakhudza vocha popanda pepala la sitampa yeniyeni. Ngati ndi choncho mupeze wopita ku Lilongwe Lolemba lomwelo.